Filiji itasiya kulira

Bambo a Tadala, Dzivarasekwa: Abale a pa gulu, mwaswera bwanji? Kwathu kuno ku Harare magetsi anapita m'bandakucha, kaganyu kanga ka ku Msasa kaimitsidwa, ndiye ndakhala ndikulemba kankhani pa foni batire isanathe. Anthu ake ndi ongopeka, koma za mawayazo ndinaziona ndi maso angawa. Ndikatumiza m'zidutswa.

Mnyamata anali m'chaka chachiwiri cha kuphunzira ntchito ya magetsi, koma mumtima mwake anali atamaliza kale. Ankadzuka ku Mbare kusanache, kukwera kombi mpaka m'tauni, n'kukadikirira Mdala, amene ankamuphunzitsa ntchito, pa siteji ya Copacabana chikwama cha zida chili paphewa. Mdala anali mmisiri wa Kalasi 1, gawo lapamwamba pa ntchitoyi, kuyambira mnyamatayo asanabadwe, munthu wouma pakamwa. Tsiku lonse akanatha kulankhula mawu atatu okha, ndipo anali mawu omwewo amene mnyamata anatopa nawo: "Tesita yati bwanji?"

Tsiku limenelo anaitanidwa ku nyumba ina ku Marlborough. Soketi ya kukhitchini inali itada ndi kupsa chifukwa cha ketulo, inkafunika ina. Dera lonse linali lopanda magetsi, koma m'galaja munkalira invata yopatsa nyumba magetsi ochokera ku batire, padenga pali masola. Dona wa nyumbayo ananeneratu kuti invata asaikhudze, ali pa msonkhano wa pa kompyuta ndipo m'filiji muli nyama ya mwezi wonse. Mdala anangogwedeza mutu.

Mnyamata anapita pa dibi yaikulu, bokosi la mabuleka, n'kutsitsa meni, suwichi ya nyumba yonse, ndi buleka ya masoketi a kukhitchini. Dibi yaing'ono ya invata sanaikhudze. Atabwerera anatulutsa sikuludalaiva kuti ayambe.

"Tesita yati bwanji?"

"Mdala, dera lonse lili mumdima. Meni ndatsitsa, buleka ndatsitsa. Magetsi achokera kumwamba?"

Mdala anamupatsa tesita ya miyendo iwiri osayankha. Mnyamata ankaudziwa mwambo wake ngati pemphero la pa chakudya. Anapita kaye pabalaza, pa soketi ya wailesi ya kanema yomwe imadya kwa invata, tesita n'kuwerenga mavoliti 230. Anabwerera kukhitchini, n'kumasula nkhope ya soketi osakhudza chitsulo. Waya wofiira wa laivi ndi wakuda wa nyutulo, wobwererapo magetsi, 0. Wofiira ndi wobiriwira wa efi, wopita kunthaka, 0. Wakuda ndi wobiriwira, 0. Anapitanso pabalaza kukaona ngati tesita sinafere m'njira, ikuwerengabe 230. "Mwaona? Nthawi yangotha pachabe."

Anachisale, Glen View: Pitirizani achimwene, mwatisiya m'malere. Ineyo ndikudikira pamene agwidwe ndi magetsi, chifukwa kudzimva kumeneku ayi ndithu.

Bambo a Tadala, Dzivarasekwa: Dekhani achemwali, nachi chachiwiri.

Kumbuyo kwa soketi kunali waya wofiira mmodzi, wobiriwira mmodzi, koma akuda awiri opanikizidwa pa sikuluwu imodzi. Mnyamata anawaona, sanawaganizire. Anamasula wofiira. Anamasula sikuluwu ya akuda, mawaya awiriwo n'kutalikirana okha ngati nyanga za mbuzi. Nsonga zake zinali zakuda ndi mwaye, ndipo anatambasula dzanja kuti aziwongole ndi zala.

"Dzanja limenelo liime pomwepo."

Mdala sanali kuyang'ana soketi n'komwe. Anali atapendeketsa mutu ngati munthu amene akumvera mvula patali.

"Wamva chiyani?"

"Palibe."

"Ee, palibe. Titalowa muno filiji ya m'chipinda chosungiramo zakudya inkalira kuseri kwa khomali. Yasiya liti?"

Mnyamata anatenganso tesita. Wakuda woyamba ndi wobiriwira, 0. Wakuda wachiwiri ndi wobiriwira, tesita inalira mokuwa, magalasi ake n'kulemba 229.

Anaseka. Anati tesitayi yazungulira mutu. Waya ameneyu ndi nyutulo, wamuyesa yekha mphindi zitatu zapitazo, buleka ili pansi, dera lili mumdima. Zinthu zinayi zikunena chimodzi, kachipangizo ka pulasitiki kakunena china, ndiye akhulupirire ndani?

Mdala sanatsutse. Anamutuma kuti akazule pulagi ya filiji. Atayesanso, 0. Anamutumanso kuti akaibwezere. Atayesanso, 229. Anamubwereza choncho katatu, mpaka kuseka kunatha kokha.

Malume a ku Southerton: Iwe mwana, Mdala wakoyo ankachulutsa gaga m'diwa. Ife tinagwira m'mafakitale a kuno zaka makumi atatu ndi katesita ka sikuludalaiva koyaka kumchira kaja basi. Ukakayika unkakhudza waya ndi kuseri kwa chala. Ngati uli ndi moto dzanja limadzithawira lokha. Ndilipo mpaka lero, zala zonse khumi.

Bambo a Tadala, Dzivarasekwa: Malume, ulemu wanu, koma tsirizani kaye nkhani, tikambirana. Chomaliza ndi ichi.

Pobwerera m'kombi mnyamata sanalankhule. Ankangoyang'ana zala ziwiri za dzanja lake lamanja. Anakumbukira kuti pamene ankatambasula dzanjalo, lamanzere linali litatsamira pa sinki yachitsulo.

Loweruka lotsatira mayi ake anamupempha kuti akonze choikamo babu cha pakhonde chomwe chinkalendewera. Magetsi kunalibe kuyambira m'mawa, ana akusewera mpira wa mapepala pabwalo. Anakwera pa mpando, n'kutsikanso. Anapita pa dibi kukatsitsa buleka, n'kumata tepi pamwamba pake. Kenako anayenda nyumba zinayi kupita kwa bambo wina wokonza mafoni amene ali ndi kainvata, kukangopempha kuti alowetse tesita pa soketi yake. Mayi ake atafunsa chomwe akuchedwera pa babu imodzi, anati, "Tesita sinanenebe."

Ndathera pamenepo. Ndipatseni maganizo.

Anachisale, Glen View: Aa, ndiye sanagwidwe? Achimwene, mwandimana. Nkhani ya magetsi yopanda munthu wogwetsedwa pansi ili ngati ndiwo zopanda mchere. Mukanamulola kuti amve pang'ono pokha, tsitsi liime, kenako aphunzire. Koma za sinki zija zandizizira m'mimba, ndisaname.

Che Amidu wa masola, Waterfalls: Nkhani yabwino, koma ndili ndi chikayiko pa 229 ameneyo. Ife oika masola timakumana nazo kawirikawiri. Waya wakufa akayenda m'paipi imodzi ndi waya wamoyo, matimita, tesita yolemba manambala ija, amawerenga mavoliti omwe kulibe, timawatcha a mzukwa. Ukamukhudza sumva kanthu. Mwina mnyamatayo sanalakwe kwenikweni kunena kuti tesita yazungulira mutu.

Mayi a Yankho, Mufakose: Che Amidu, za mavoliti a mzukwa mukunena zoona, koma pano si pake. Ndakhala pa ntchitoyi zaka 16, ndiloleni ndifotokoze mmene ndazimvera.

Mzukwa umaoneka pa matimita chifukwa matimita samakoka kalenti pafupifupi n'komwe, ndiye ngakhale kamphamvu kongodutsa kuchokera kwa waya woyandikana nako amakawerenga. Nambala yake imakhala yapakatikati, 40, 70, 90, ndipo ukangoikapo chinthu chokoka kalenti imagwa. Uyu anawerenga 229, pafupifupi yofanana ndi ya pabalaza. Chachikulu n'chakuti inkabwera ndi kupita motsatira pulagi ya filiji. Mzukwa sudziwa pulagi ya filiji.

Chinachitika ndi ichi. Amene anaika invata anafuna kuti filiji izidya kwa invata. Anakoka waya wofiira yekha kuchokera pa dibi ya invata kupita pa soketi ya filiji, koma nyutulo sanakoke. Anabwereka ya soketi ya kukhitchini yomwe ili kuseri kwa khoma lomwelo, chifukwa manyutulo a madibi awiriwo anali olumikizana kale. N'chifukwa chake kunali wofiira mmodzi ndi akuda awiri. Wakuda woyamba amapita ku dibi, wachiwiri amachokera ku filiji.

Akuda awiriwo ali pamodzi, kalenti ya filiji imadutsa pa sikuluwu ija kubwerera kwawo, ndipo ukayesa ndi efi umapeza pafupifupi 0. Tesita sinaname ulendo woyamba. Ukangowalekanitsa, njira yobwerera yaduka, filiji n'kuima. Koma wofiira wake akadali wamoyo, ndipo mphamvu imadutsa m'koilo ya kompulesa n'kudzaima pa nsonga ya wakuda wachiwiri uja, kudikira aliyense woti aitsegulire njira ya kunthaka. Waya yemweyo, mphindi zitatu, mayankho awiri, onse oona.

Anachisale, Glen View: Nanga si mphamvuyo yadutsa kale m'filiji, ndiye siikhala itachepa?

Mayi a Yankho, Mufakose: Ambiri amaganiza choncho achemwali. Maomu ndi muyeso wa mmene chinthu chimatchingira kalenti, ndipo koilo ya kompulesa ili ndi maomu ochepa kwambiri, makumi angapo akachuluka. Thupi la munthu kuchokera dzanja ili kukafika dzanja ilo, ali ndi thukuta, tingoti maomu 1500. Pa mzere umodzi, wa maomu ambiri ndi amene amasenza pafupifupi mavoliti onse, ndiye filiji siitchinga kanthu. Tiwerengere: 230 ÷ 1500 = 0.153, kutanthauza mamiliampu 150 ndi kanthu. Pa mamiliampu 10 mpaka 15 zala zimayamba kukana kumasuka. Buleka ya efilikeji ya m'nyumba, yodula magetsi kalenti ikathawira kunthaka, anaiika kuti izigwa pa 30 chifukwa kupitirira pamenepo mtima umayamba kukhala pangozi. Mnyamatayu akanalandira kasanu kuposa pamenepo, kulowa dzanja lamanja, kudutsa pachifuwa, kutulukira pa sinki. Ndiye Anachisale, mukati agwidwe pang'ono pokha, pamenepa panalibe pang'ono. Wolemba anachita bwino kumusiya.

Che Amidu wa masola, Waterfalls: Pa pulagi ya filiji mwandigonjetsa mayi, ndinadumpha pamenepo powerenga. Koma ndifunse wolemba. Ngati dibi ya invata inali ndi efilikeji yake, ikanagwa tsiku lomwe anamanga, chifukwa kalenti ikutuluka pa laivi yake koma ikubwerera njira ina. Ndiye zinayenda bwanji miyezi yonseyo?

Bambo a Tadala, Dzivarasekwa: Funso lenileni limenelo Che Amidu. Ku nyumba yomwe ndinaona zimenezi, pa dibi ya invata panalibe efilikeji. Panali mpata wake wokha, wotsekedwa ndi kapulasitiki. Ine ndimaganiza kuti woika uja anaiikapo, ikungogwa, iye n'kuichotsa kuti alandire ndalama zake azipita. M'nkhanimu ndinazisiya poopa kuchulutsa mawaya, mwina ndinalakwa.

Mayi a Yankho, Mufakose: Muzibwezeremo, ngakhale mzere umodzi. Mdala aone kapulasitiki kameneko polowa m'galaja, asanene kanthu. Wodziwa adzazindikira kuti n'chifukwa chake makutu ake anali pa filiji.

Nangozo, Epworth: Pepani kulowerera, popeza pali odziwa magetsi. Bomba la m'bafa mwathu limandiluma m'manja ndikamasamba, makamaka ndikakhala ndi kabala. Alandilodi akuti ndi sopo. Kodi tesita imene mukunenayi ndikagula ingathetse zimenezi?

Mayi a Yankho, Mufakose: Nangozo, tesita siichiritsa, imangouza. Ndipo si sopo. Ngati muli ndi giza, tsitsani buleka yake pa dibi lero lomwe, musasambe ili m'mwamba. Nthawi zambiri ndi elementi ya giza yomwe yaboola, kuphatikiza efi yoduka kapena yosamangidwa ku mapaipi. Mukatsitsa koma likulumabe, vuto likuchokera kwina, musalikhudzenso bombalo magetsi alipo mpaka wodziwa abwere. Ana asayandikire.

Nangozo, Epworth: Giza tilibe mayi, timatenthetsa madzi ndi kawaya koviika m'ndowa kaja. Komanso magetsi athu amachokera kunyumba yaikulu pa chingwe chimodzi.

Mayi a Yankho, Mufakose: Ndiye nkhani yanu ndi yaitali. Ndilembereni kumbali, tisasokoneze ya achimwenewa.

Malume a ku Southerton: Mwandidumpha ine. Ndati kuseri kwa chala. Ndipo katesita kanga ka sikuludalaiva kakanayaka pa waya wakudayo, mutsutse.

Mayi a Yankho, Mufakose: Malume, sindikutsutsani pamenepo, mwina kakanayaka. Vuto la katesita kameneko si pamene kayaka, ndi pamene sikanayake. Kamadalira thupi lanu kuti kamalize njira yopita kunthaka. Mukaima pa makwerero osadutsa magetsi, nsapato zili za labala, kamayaka mofooka kwambiri, ndipo pa dzuwa la Okutobala la kuno simukaona n'komwe. Mukatero mumati waya wafa. Komanso kamakuuzani za waya mmodzi poyerekeza ndi inu, sikakupatsani nambala. Ine ndimakagwiritsa ntchito pomanga masikuluwu a mapulagi.

Za kuseri kwa chala, n'zoona kuti dzanja silifumbata waya. Koma kalenti yadutsabe, ndipo ngati muli pa makwerero kudzidzimukako n'kumene kumakugwetsani. Kumafakitale kwanuko pakati pa mafezi awiri panali mavoliti pafupifupi 400. Zala khumi muli nazo, koma mwa anzanu onse amene munayamba nawo, palibe amene zinamuvuta?

Malume a ku Southerton: Analipo mmodzi wa ku Mulanje. Koma iye uja anagwira ndi chikhatho. Komabe ndinene ichi, mwana wanga, nthawi yathu nyumba inali ndi khomo limodzi la magetsi. Ukatsitsa meni, yafa yonse. Izi za nyumba imodzi makomo atatu, la kampani ya magetsi ya ZESA, la batire, la jenereta, ndi zanu za lero.

Bambo a Tadala, Dzivarasekwa: Apo malume mwalasa. Kuyambira 2019, pamene madzi anachepa ku damu lopangira magetsi la Kariba magetsi n'kumazima mpaka maola 18 pa tsiku, aliyense amene ali ndi pulayala anasanduka woika invata. Nyumba zambiri zomwe ndimalowa masiku ano zolemba za pa dibi sizigwirizananso ndi zomwe zili m'khoma. Ndipo mdima wa dera lonse ndi umene umapusitsa anyamata. Amaona mawayilesi ali zii, maloboti akufa, n'kuiwala kuti magetsi amabwerera osagogoda. N'chifukwa chake m'nkhanimu mnyamata watsitsa buleka n'kumata tepi ngakhale kunalibe magetsi.

Che Amidu wa masola, Waterfalls: Tepi ineyo sindiikhulupirira. Wantchito wa m'nyumba akafuna kusita amaichotsa. Pali tizotsekera ta buleka toika loko, kiyi m'thumba mwako. Koma mfundo yanga yaikulu ndi ina. Wolakwa m'nkhaniyi ndi Mdala. Anavomera bwanji kugwira ntchito invata ikuyenda? Ine dona akakana, ndimanyamula chikwama. Filiji yotseka siiwononga nyama pa theka la ola. Uzimitse kotulukira kwa invata, uzimitsenso suwichi ya masola, uchotse batire, udikire mphindi zingapo kuti makapasita atsitse mphamvu, kenako uyese. Akanatero, 229 sakanaoneka.

Mayi a Yankho, Mufakose: Sakanaoneka, ndipo sakanadziwanso kuti muli nyutulo yobwereka, pokhapokha akanafunsa za akuda awiriwo. Akanamanga soketi yatsopano, n'kusiyira msampha womwewo amene adzabwere pambuyo pake. Sindikunena kuti kugwira invata ikuyenda n'kwabwino. Koma pa pepala soketi ya kukhitchini sinali ya invata, ndipo palibe amene amazimitsa nyumba yonse pa soketi iliyonse. Chimene Mdala anaphonya ndi kuima pamene nkhope ya soketi inatseguka. Wofiira mmodzi, akuda awiri, pamenepo ukanakhala mapeto a kumasula. Ine ndikaona zotere ndimaika kilampu mita, yoyeza kalenti pongokumbatira waya, pa wakuda ndisanamasule. Ngati buleka ili pansi koma wakuda akuyendabe kalenti, ngakhale theka la ampu, ndiye kuti wina akudyera pamenepo.

Che Amidu wa masola, Waterfalls: Kilampu ndi nzeru yabwino, koma filiji ikakhala kuti yapuma nthawi imeneyo muwerenga 0, mumasule, kenako iyambe muli pakati. Ine ndikadali pa mawu anga, zimitsani zonse. Ndipo anyamata amene muli pa gulu lino, mawaya ochokera padenga ndi nkhani ina. Dzuwa likawala amakhala ndi mavoliti mazana angapo ngakhale invata itazima, ndipo kacholembera kolira kosakhudza waya kaja sikawamva, chifukwa si magetsi osinthasintha a m'nyumba. Matimita mukawasiya pa V~ angakuwerengereni pafupifupi 0 pa waya woti n'kukuphani.

Mayi a Yankho, Mufakose: Pa filiji yopuma mwanena zoona. N'chifukwa chake ndimayesanso waya aliyense akangolekana ndi mnzake, kilampu kapena ayi. Pa zozimitsa zonse tisiyana, Che Amidu. Kumalo ngati kachipatala kapena shopu ya nyama simunganyamule chikwama nthawi zonse.

Mphwanu wa ku Poly, Kuwadzana: Moni akuluakulu, ine ndili chaka choyamba. Chomwe sindinamve ndi ulendo wa kwa wokonza mafoni. Kunyumba kwa mayi ake kulibe invata, magetsi kulibe, buleka watsitsa. Akuyendera chiyani nyumba zinayi?

Bambo a Tadala, Dzivarasekwa: Mphwanga, tesita yakufa ndi waya wakufa zimalemba chimodzimodzi, 0. Mwendo wa tesita ukhoza kuduka m'kati mwa pulasitiki osaoneka kunja, makamaka pafupi ndi chogwirira pamene timapinda poikulunga. Ndiye 0 uja ungamukhulupirire pokhapokha utaona tesita yomweyo ikuwerenga pa malo amoyo usanayese, ndiponso utayesa. Magetsi akazima malo amoyo amasowa, ndiye mnyamata anawasaka. Alipo amene amayenda ndi kabokosi ka batire kopangidwira zimenezi, ukagunditsa miyendo ya tesita kamatulutsa mavoliti. Ine ndilibe, ndimapempha soketi kwa aneba.

Mphwanu wa ku Poly, Kuwadzana: Ndamva. Koma pa babu ya pakhonde, magetsi atazima dera lonse, tesita iwerenga 0 ngakhale atatsitsa buleka yolakwika. Ndiye magetsi akabwerera ali pa mpando?

Bambo a Tadala, Dzivarasekwa: Iwe, wandigwira. Pamenepo anayenera kutsitsa meni, osati buleka imodzi, chifukwa popanda magetsi sangatsimikize kuti buleka imeneyo ndi ya pakhonde. Ndikonza, atsitse meni.

Malume a ku Southerton: Mwaona, mwabwerera kwa ine. Meni.

Anachisale, Glen View: Mukamakonza mubwezeremonso dona uja. Anamva kuti filiji yake inatsala pang'ono kupha mwana wa eni? Ndipo nyutulo ija anaikonza kapena anangomanga n'kuchoka?

Bambo a Tadala, Dzivarasekwa: Ku nyumba yeniyeni ija tinawauza kuti pakufunika kukoka nyutulo yakeyake ya filiji kuchokera pa dibi ya invata, mamita ngati khumi ndi awiri kudutsa m'silingi, ndi kuika efilikeji pa mpata uja. Anati afunse kaye bambo akabwera ku Joni. Tinalemba chenjezo ndi cholembera chosafufutika kuseri kwa soketi ndi pa chitseko cha dibi. Sanatiimbirenso. M'nkhanimu sindinasankhe kuti ndizithetse bwanji. Batire yatsala 4 pa 100, ndiona mawa.